Mmene Mungalembere Nkhani Younika Ndondomeko ya Chiwerengero cha Anamwino pa Wodi

Nkhani zambiri zounika ndondomeko za umoyo zimalakwika m'njira ziwiri. Zina zimangobwereza zomwe chikalata chanena, ndime ndi ndime, n'kumaliza ndi mawu oti ndondomekoyi ndi yabwino ikungofunika kutsatiridwa. Zina zimangodandaula kuti anamwino ndi ochepa, atopa, ndipo akuluakulu achitepo kanthu. Zonsezi zikhoza kukhala zoona, koma wowerenga amamaliza osadziwa chomwe chavuta kwenikweni. Kuunika ndi kutenga lonjezo lomwe lili papepala, kulilondola mpaka likafike pa bedi la wodwala pakati pa usiku, n'kuloza pamene ladukira, muli ndi umboni m'manja.

Pano titenga mtundu umodzi wa ndondomeko, womwe umakhudza namwino tsiku ndi tsiku: ija yonena kuti namwino mmodzi asapitirire odwala angapo pa shifiti. Mukadziwa kuunika imeneyi, njira yake igwiranso ntchito pa ndondomeko za lokamu, yomwe ndi ntchito ya mashifiti owonjezera yolipidwa padera, za kusamutsa anamwino, kapena zowaletsa kupita kunja.

1. Pezani chikalata chenichenicho, muchiwerenge ndi pensulo

Musaunike ndondomeko yomwe mwangoimva pa msonkhano kapena kuiwerenga m'nyuzipepala. Pezani chikalatacho, mulembe chaka chomwe chinatuluka, amene anachitulutsa, ndi mphamvu yake. Lamulo lodutsa ku nyumba ya malamulo, ndondomeko ya unduna, ndi kalata ya mkulu wa chipatala sizilemera mofanana, ndipo wophwanya chimodzi sakumana ndi zomwe wophwanya chinzake angakumane nazo.

Kenako dulani mzere kunsi kwa mawu amene akunyamula katundu. Kodi chikalata chikuti chipatala "chiyenera" kapena "chiyesetse"? Kodi pali kachiganizo kakuti "malinga ndi kupezeka kwa ndalama"? Kachiganizo kameneko kamatha kufafaniza masamba khumi a malonjezo. Onaninso tanthauzo la mawu oti namwino. Kodi akuwerenga okhawo olembetsedwa ku khonsolo ya anamwino, kapena ndi othandizira ndi ophunzira omwe? Nanga inichaji wa wodi, amene theka la tsiku ali pa mabuku ndi kumisonkhano, ali m'chiwerengerocho?

Mafunso amenewa si ongopeka. Chigawo cha California ku Amereka chinakhazikitsa lamulo la chiwerengero cha anamwino mu 1999, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2004. M'mawodi wamba a odwala akuluakulu linayamba ndi odwala 6 pa namwino, mu 2005 n'kutsika kufika pa 5, pamene m'chipinda cha odwala mwakayakaya ndi odwala 2. Mkangano waukulu unabuka pa mawu awiri okha, akuti "nthawi zonse". Tanthauzo lake n'lakuti namwino akapita kukapuma kapena kukadya, wina ayenera kulowa m'malo mwake, ndipo wolowayo amafuna malipiro. Mawu awiri amenewo amasintha bajeti ya chipatala chonse. Chikalata chanu chikakhala chete pa nkhani ya nthawi yopuma kapena ya usiku, lembani pambali kuti chili chete. Zomwe ndondomeko sinanene n'zofunika kuziunika mofanana ndi zomwe yanena.

2. Lembani chikhulupiriro cha ndondomekoyo m'chiganizo chimodzi

Ndondomeko iliyonse imakhulupirira kuti tikachita chakuti, chakuti chidzatsatira. Ya chiwerengero imati: tikaika malire a odwala pa namwino, zipatala zidzalemba anamwino ambiri, ntchito idzapepuka, odwala adzasamalidwa bwino, ndipo anamwino sadzasiya ntchito. Lembani chiganizo chotere ndi mawu anuanu, kenako muchidule m'magawo. Kuti lonjezolo likwaniritsidwe, payenera kupezeka ndalama, malo a ntchito avomerezedwe, papezeke anthu ophunzira oti alembedwe, olembedwawo akafikedi kumene atumizidwa, akhazikike, ndipo pomaliza aoneke pa rosita ya usiku. Zili ngati tcheni: mphete imodzi ikaduka, zotsalazo ngakhale zilimbe bwanji katundu agwa. Ntchito yanu n'kupeza mphete yofookayo.

Aphunzitsi ambiri amafuna kuti mugwiritse ntchito njira yodziwika younikira. Yotchuka ndi ya Gill Walt ndi Lucy Gilson ya mu 1994, yomwe imati muyang'ane zinthu zinayi: zomwe zalembedwa mu ndondomeko, mmene zinthu zinalili pomwe inkapangidwa, njira yomwe inadutsa popangidwa ndi pokhazikitsidwa, ndi anthu amene ali ndi mphamvu kapena okhudzidwa. Ndi njira yabwino, koma muigwiritse ntchito pofunsa mafunso, osati podzaza mitu inayi ndi ndime zofanana kutalika. Ngati vuto lenileni lili pa ndalama, nkhani yanu ikhalitse pa ndalama, zinazo mungodutsamo.

3. Werengetsani nokha kuti wodi ikufuna anamwino angati

Apa ndi pamene nkhani yanu imasiyanirana ndi kudandaula, ndiye tikhalitsapo. Tiyerekeze wodi ya mabedi 40 yomwe imadzaza masiku onse, ndipo ndondomeko ikuti namwino mmodzi asapitirire odwala 8 usana ndi usiku. Manambala awa ndi ongophunzirira, inu mudzaikepo a wodi yomwe mukuiunika.

Odwala 40 kuwagawa ndi 8 zikutipatsa anamwino 5. Ambiri amaima pomwepa, n'kulemba kuti wodi ikufuna anamwino 5, kapena 15 akaganizira mashifiti atatu. Ayi ndithu. Asanu amenewo ndi ofunika kupezeka pa wodi ola lililonse la chaka, ndipo chaka chili ndi maola 8,760. Namwino mmodzi wogwira maola 40 pa sabata ali ndi maola 2,080 pa chaka, koma si onse amene amawathera pa wodi. Chotsanipo tchuthi cha pachaka, masiku a tchuthi cha dziko, masiku odwala, ndi masiku a maphunziro. Tinene kuti zonsezi zikukwana masabata 8, omwe ndi maola 320. Atsala ndi maola 1,760.

Tsopano gawani 8,760 ndi 1,760. Mupeza pafupifupi 5. Ndiye kuti malo amodzi oti pakhale namwino usana ndi usiku chaka chonse amafuna anthu 5 olembedwa ntchito. Wodi yathu, yofuna anamwino 5 nthawi iliyonse, ikufuna anamwino 25, kuphatikizapo inichaji akhale 26.

Kenako pitani ku zomwe zilipo, ndipo apa musiyanitse manambala atatu amene anthu amakonda kuwasakaniza. Pali malo ovomerezeka, omwe ndi chiwerengero cha anamwino chomwe wodi inaloledwa kukhala nacho papepala. Pali malo omwe ali ndi anthu, kunena amene akulandira malipiro pa dzina la wodiyo. Ndipo pali amene akuonekadi pa rosita mwezi uno. Tinene kuti wodi yathu ili ndi malo ovomerezeka 18, omwe ali ndi anthu ndi 14. Mwa 14 amenewa mmodzi ndi inichaji, wina ali kusukulu kwa zaka ziwiri, wina ali pa tchuthi cha uchembere. Pa rosita patsala 11.

Anamwino 11 kuchulukitsa ndi maola 1,760 ndi maola 19,360. Kugawa ndi maola a chaka, mupeza kuti pa wodi pamakhala anamwino 2.2 nthawi iliyonse, ndipo aliyense ali ndi odwala pafupifupi 18. Ndondomeko ikuti 8.

Chomwe chimatsegula maso n'chotsatirachi. Tiyerekeze kuti mawa malo onse 18 adzazidwa ndipo palibe amene ali kusukulu kapena pa tchuthi chachitali. Kuchotsa inichaji atsala 17, omwe akupereka maola 29,920, kapena anamwino 3.4 nthawi iliyonse. Aliyense adzakhalabe ndi odwala pafupifupi 12. Ndiye kuti ngakhale lipoti litanena kuti palibenso malo opanda munthu, lonjezo la odwala 8 silingakwaniritsidwe, chifukwa chiwerengero chovomerezekacho n'chochepa kuyambira pachiyambi. Wolemba amene wangotchula kuti malo 4 mwa 18 alibe anthu wauza wowerenga kuti vuto ndi anthu 4, pamene kusiyana kwenikweni kuli pakati pa 11 ndi 25. Mfundo yotereyi ndi imene nkhani yonse iyenera kutsamirapo.

Samalani ndi zinthu ziwiri. Choyamba, nambala ya 2.2 ndi ya pakatikati, ndipo pakatikati pamabisa usiku. Rosita zambiri zimaika anthu ochuluka m'mawa chifukwa cha raundi ya madokotala, mabala ndi maopaleshoni, usiku n'kusiya mmodzi kapena awiri. Ngati mwaloledwa kuona rosita, werengani mashifiti a mwezi wathunthu mmodzimmodzi, mulembe kuti ndi angati amene anakwanitsa malire a ndondomeko, ndipo mupatule a usiku ndi a kumapeto kwa sabata. Chachiwiri, odwala 8 si ofanana. Asanu ndi atatu oyenda okha, odikira kutulutsidwa, si ntchito imodzi ndi asanu ndi atatu omwe atatu mwa iwo angochokera ku fiyeta, ali pa diripu, ndipo ayenera kuyezedwa kuthamanga kwa magazi pafupipafupi. Ndondomeko yowerenga mitu yokha osaganizira kukula kwa matenda ili ndi mpata umenewu, ndipo muyenera kuuonetsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lili ndi njira yotchedwa WISN, yomwe imawerengetsa antchito ofunika potengera ntchito zenizeni ndi nthawi yomwe iliyonse imatenga. Funsani ngati opanga ndondomekoyo anagwiritsa ntchito njira ngati imeneyi, kapena anangotenga nambala ya dziko lina.

4. Bweretsani kafukufuku, koma mumuyeze kaye

Pafupifupi aliyense wolemba za nkhaniyi amatchula kafukufuku wa Linda Aiken ndi anzake wa mu 2002. Anaunika zipatala 168 za ku Pennsylvania ku Amereka ndipo anapeza kuti wodwala aliyense wowonjezera pa namwino ankakweza ndi 7 peresenti mpata woti wodwala wochitidwa opaleshoni amwalire m'masiku 30. Mutchuleni, n'ngofunika. Koma kungomutchula si kuunika. Nenani kuti kafukufukuyu anayerekeza zipatala zosiyanasiyana pa nthawi imodzi, motero akuonetsa kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, osati kuti lamulo likabwera imfa zitsika. Nenaninso kuti zipatala zambiri mwa zimenezo zinali ndi odwala apakati pa 4 ndi 8 pa namwino. Simungatenge 7 peresenti ija n'kuichulukitsa mpaka pa wodi ya odwala 18 ngati kuti mwapeza nambala ya imfa.

Kafukufuku woyandikira funso lanu ndi woyang'ana zinthu ndondomeko isanabwere ndi itabwera. Ku Queensland, m'dziko la Australia, anaika malire mu 2016: odwala 4 pa namwino m'mawa ndi masana, 7 usiku, m'mawodi ena a zipatala za boma. Ofufuza anayerekeza zipatala 27 zomwe zinali pansi pa lamulolo ndi 28 zomwe sizinali, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti komwe anamwino anachuluka, imfa, kubwereranso kuchipatala, ndi masiku ogonekedwa zinatsika. Ku California, ofufuza amagwirizana kuti anamwino pa wodi anachulukadi lamulo litabwera, koma pa funso loti odwala anapindula motani zotsatira zawo sizifanana. Wolemba woona mtima amaika zonse ziwiri patebulo.

Kenako funsani funso lomwe ambiri amalumpha: kodi malo amenewo akufanana ndi kumene ndondomeko yanu ikugwira ntchito? Lamulo la malire limakakamiza chipatala kulemba anthu, koma silibereka anamwino. Limathandiza kumene anamwino alipo pamsika wa ntchito ndipo ndalama zowalipira zilipo. Lipoti la WHO la mu 2020 linati padziko lonse pankasowa anamwino 5.9 miliyoni, ndipo 89 peresenti ya kusowako inali m'mayiko osauka ndi ongoyamba kutukuka. Komanso pali mayiko omwe mawodi alibe anamwino pamene anamwino omaliza maphunziro ali pakhomo osalembedwa, chifukwa ndalama za malipiro zili ndi malire. Mavuto awiriwa amaoneka ofanana mukaima pa wodi, koma mankhwala ake ndi osiyana. Kumene kulibe anthu ophunzira, yankho ndi sukulu. Kumene alipo koma salembedwa, kutsegula sukulu zina kungochulukitsa odikira. Nkhani yanu inene momveka kuti ndi vuto liti mwa awiriwa lomwe ndondomekoyo ikulimbana nalo, ndipo ngati ndi lomwelo lomwe lilipodi.

5. Tsatirani amene asenze mtolo

Malire akaikidwa popanda anthu owonjezera, chipatala chimapeza njira zina zokwanitsira nambala, ndipo njira zimenezi n'zimene muyenera kuzifufuza. Matroni akhoza kudzaza mipata ndi lokamu, ndiye kuti namwino yemweyo amene watsika m'mawa abwereranso madzulo. Papepala malire akwana, koma munthu wopereka jakisoni wagona maola atatu. Chipatala chikhoza kuchotsa othandizira kuti chipeze ndalama za anamwino, kenako namwino n'kumakankha machira ndi kuthamangira ku labu. Chikhoza kutseka mabedi, odwala n'kumadikira panja. Zipatala za m'tauni zikhoza kukoka anamwino a kumidzi. Kuti mudziwe ngati zikuchitika, yang'anani maola a lokamu, masiku odwala a antchito, chiwerengero cha othandizira, ndi cha osiya ntchito, ndondomeko isanabwere ndi itabwera.

Pali funso lina lomwe ine ndimaona kuti nkhani yolembedwa ndi namwino siyenera kulisiya. Malire akaphwanyidwa ndipo wodwala wavulala, mlandu umagwera yani? Ngati chikalata sichipatsa namwino njira yolembera kuti shifiti inali yoperewera, ndipo sichitchula yemwe ayenera kuchitapo kanthu m'maola angati, ndiye kuti ndondomeko yoti imuteteze ikhoza kusanduka umboni womutsutsa pamaso pa khonsolo.

Mupatsenso mpata wotsutsana nanu. Woyang'anira ndalama akanena kuti anamwino 14 owonjezera pa wodi imodzi atanthauza kuchepetsa mankhwala kwina, sakunama. Lembani mfundo yakeyo mwamphamvu monga mwini wake akanainenera, kenako muiyankhe.

6. Lembani, chigamulo chikhale patsogolo

Musadikire tsamba lomaliza kuti munene maganizo anu. Ndime yoyamba itchule ndondomeko, chaka chake, cholinga chake, ndi chigamulo chanu. Pa chitsanzo chathu chikhoza kumveka chonchi: "Ndondomekoyi yapeza vuto lenileni ndipo malire a odwala 8 ali ndi umboni wowachirikiza, koma singakwaniritsidwe, chifukwa yasiya chiwerengero cha malo ovomerezeka mmene chinalili, sinatchule kochokera ndalama, ndipo sinanene chochita malire akaphwanyidwa." Chiganizo chimenechi munthu akhoza kuchitsutsa, ndipo n'chifukwa chake n'chabwino. Chiganizo choti kusowa kwa anamwino ndi vuto lalikulu palibe angachitsutse, motero sichikupatsani chilichonse choti mutsimikizire.

Kufotokoza zomwe ndondomeko ikunena kusapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a nkhani yonse. Zotsalazo zikhale kuunika, ndime iliyonse inyamule mfundo imodzi, umboni wake, ndi tanthauzo lake kwa namwino ndi wodwala. Onani kusiyana kwa ziganizo ziwiri izi. Choyamba: "Ndime 4 ikuti namwino asapitirire odwala 8." Chachiwiri: "Ndime 4 ikuti odwala 8, koma pa wodi ya mabedi 40 izi zikufuna anamwino 25, pamene malo ovomerezeka ndi 18, ndipo palibe ndime yolamula kuti malowo awerengedwenso." Mukawerenganso zomwe mwalemba, ikani chizindikiro pa ndime iliyonse yomwe ikungofotokoza ngati chiganizo choyambacho. Zikachuluka, ndiye kuti mwalemba chidule, simunaunike.

Nambala iliyonse ikhale ndi chaka ndi kumene mwaitenga, ndipo zomwe mwawerengetsa nokha muonetse njira yake, kuphatikizapo masabata 8 aja, kuti wina athe kuwasintha n'kuona ngati chigamulo chikuimabe. Yesani nokha kaye: ngakhale mutati masabata ochoka ndi 4 okha, wodi ija ikufunabe anamwino 23, omwe akuposa 18. Zomwe munaona ndi maso anu pa ntchito zikhoza kulowa, koma ngati chitsanzo chothandizira manambala, popanda dzina la wodwala, la mnzanu wa pantchito, kapena chilichonse chomwe chingawazindikiritse. Rosita ndi mabuku a wodi si zongojambula pafoni, pemphani chilolezo kwa oyang'anira musanazigwiritse ntchito.

Malangizo anu omaliza achokere pa mphete yofooka yomwe mwaipeza, ndipo lililonse litchule wochita, chochita, ndi nthawi. Kulemba kuti alembe anamwino ambiri sikuthandiza aliyense. Pa wodi yathu, mungati ofesi yoona za antchito iwerengenso malo ovomerezeka potengera maola enieni chaka cha ndalama chisanathe, malo 4 opanda anthu adzazidwe kaye ndipo olembedwawo alimbitse mashifiti a usiku, komanso pakhale fomu yomwe inichaji azidzaza shifiti iliyonse yoperewera, yopita kwa mkulu wa anamwino tsiku lomwelo. Siyanitsani zotheka m'miyezi yochepa ndi zofuna zaka, popeza kuphunzitsa namwino kumatenga zaka zitatu kapena zinayi. Ngati malire a odwala 8 sangafikiridwe msanga, nenani poyera, ndipo mupereke masitepe okhala ndi madeti, monga odwala 14 chaka choyamba ndi 12 chaka chachiwiri, pamodzi ndi chiwerengero cha anamwino pa rosita chomwe sitepe iliyonse ikufuna: 15 pa yoyamba, 17 pa yachiwiri.